Kavidiyo kofotokoza zakaati: tinene chiyani, tisiye chiyani?

Amina: Asalaamu alaikum nonse. Ndikufuna nzeru zanu. A komiti andipempha ndikonze kavidiyo kofotokoza zakaati, kosapitirira masekondi 90, koti ngakhale munthu amene sanapondeko ku madrasa amve kuti ndi chani, amapereka ndani komanso amawerengera bwanji. Chomwe sindikufuna ndi zija timaona pa sitetasi za anthu, kanyimbo kachisoni, mwana akulira, kenako nambala yotumizira ndalama. Ine ndikufuna munthu akaonera adziwe ngati zikumukhudza kapena ayi, osakakamiza, basi. Vuto ndi loti zomwe ndalembazo ndikawerenga mokweza zikudutsa maminiti anayi. Ndayamba ndi zoti zakaati ndi nsichi yachitatu mwa nsichi zisanu za Chisilamu, kenako golide, siliva, ziweto, mbewu, magulu asanu ndi atatu olandira, mpaka zakaati ya fitiri. Ndidule pati?

Limbani: Achemwali, ine si Msilamu koma mavidiyo ndiye ntchito yanga, nde ndiyankhula za mbali imeneyo. Zomwe mwalembazo si vidiyo imodzi, ndi mavidiyo asanu omwe mwawapanikiza malo amodzi. Kavidiyo ka masekondi 90 kamayankha funso limodzi lokha. Sankhani funso lomwe anthu ambiri ali nalo, lomwe ndikuganiza kuti ndi la ndalama zosunga ndi katundu wa bizinesi, ziwetozo ndi mbewuzo zidikire vidiyo yake. Komanso osayamba ndi tanthauzo, munthu akamva "zakaati ndi nsichi yachitatu" chala chake chapita kale pa vidiyo ina. Yambani ndi funso lomwe iye mwini akudzifunsa mumtima.

Amina: Funso ngati liti achimwene?

Limbani: Ngati "kodi ine ndikuyenera kupereka zakaati?" kenako yankho loyamba likhale loti si aliyense. Kaya pa chipembedzo ndi zololedwa kuyamba choncho, anene ndi a Ustazi.

Ustazi Juma: Wa alaikum salaamu. A Limbani anena zoona, ndipo si zololedwa chabe, ndi momwe lamulo lenilenilo lilili. Zakaati siigwera Msilamu aliyense ngati mmene imakhalira swala. Imagwera amene chuma chake chafika pa mlingo wotchedwa nisabu ndipo chakhala m'manja mwake chaka chathunthu cha mwezi, chomwe ndi masiku pafupifupi 354. Amene sanafike pamenepo alibe ngongole iliyonse, mwina iyeyo ndi amene akuyenera kulandira. Ndiye mwana wanga Amina, ukayamba ndi amene sakuyenera kupereka, wachotsa kale theka la mantha popanda kubisa kalikonse. Anthu ambiri amene amadziimba mlandu pa nkhaniyi ndi oti chuma chawo sichinayandikire n'komwe nisabu, koma sanauzidwepo.

Thoko: Pepani ndilowerere, si chimodzimodzi ndi chakhumi? Mungonena kuti pa ndalama iliyonse yomwe mwalandira chotsani gawo lakuti, vidiyo yatha pa masekondi 20 kkkk

Ustazi Juma: Ayi achemwali, ndipo funso lanuli ndi lothandiza chifukwa Asilamu ena amaganizanso chomwecho. Chakhumi monga ambiri amachitira chimachotsedwa pa zomwe zalowa, salale ikabwera mumachotsa 10 peresenti. Zakaati ya ndalama siyang'ana zomwe zalowa, imayang'ana zomwe zakhala. Munthu akhoza kumalandira salale yabwino ndithu koma mwezi uliwonse imathera lendi, chakudya, fizi ya ana ndi kuthandiza abale, chaka kutha alibe chosunga chofika pa nisabu, ameneyo palibe chomwe akuyenera kupereka. Wina amapeza zochepa koma ndi wosunga, wadutsa nisabu ndipo chaka chazungulira, iyeyo apereka 2.5 peresenti ya zomwe wasungazo.

Thoko: Ooo nde ndi zosiyana kutalitali. Ndiye muvidiyomo munene zimenezo chifukwa ine ndikanaonera ndikanamva za chakhumi basi.

Limbani: Apo ndi pomwe pali chiganizo chanu chachiwiri Amina. "Siichotsedwa pa salale, imachotsedwa pa zomwe mwasunga chaka chonse." Masekondi anayi okha. Ndipo 2.5 peresentiyo musangoilemba pa sikirini, anthu ambiri peresenti yokhala ndi kadontho imawazunguza mutu. Ikani ndalama zachitsulo 40 pa tebulo, mizere inayi ya khumi khumi, kamera ili pamwamba, dzanja likankhire imodzi pambali, 39 zatsala. Palibe chofotokoza china choposa pamenepo, ndipo munthu amaona yekha kuti zotsala ndi zambiri, simufunikanso kumuuza kuti "ndi zochepa, musaumire".

Rashidi: Ine ndili ndi vuto ndi mawu akuti osakakamiza. Zakaati si sadaka yoti ukafuna upereke ukafuna usiye. Ndi faradhi, lamulo losayenera kusiyidwa. Kurani yanena poyera pa Sura Tawba ndime 34 ndi 35 za chilango cha amene amaunjika golide ndi siliva osapereka, ndipo Abu Bakr atakhala khalifa anamenya nkhondo ndi mafuko omwe anakana kupereka zakaati. Ndiye ife tikhale tikunyengerera anthu ngati tikutsatsa sopo? Munthu auzidwe zoona, mantha ena ndi abwino.

Mayi a Hawa: Achimwene a Rashidi, mantha amenewo ife tinawamva kale kambirimbiri, chomwe sitinamve ndi kawerengedwe kake. Ine ndimachita bizinesi ya nsalu, chaka chilichonse ndimangotapa kandalama ndikupereka osadziwa ngati ndakwanitsa kapena ndapitirira, chifukwa aliyense wobwera kudzayankhula amathera pa moto, samafika pa masamu.

Ustazi Juma: A Rashidi mwalondola mbali imodzi ndipo Amina asaitaye. Vidiyo isanene kuti "ngati mungakonde", ayi, limenelo likhala bodza. Inene kamodzi momveka kuti kwa amene wafika pa nisabu ndipo chaka chadutsa, zakaati ndi lamulo la chipembedzo. Kunena lamulo si kukakamiza. Kukakamiza ndi pomwe ukugwiritsa ntchito mantha kapena manyazi kuti munthu atulutse ndalama pompano asanawerengere. Koma ndime ya chilangoyo mu masekondi 90 ine sindingaiyike, chifukwa chake ndi ichi. Vidiyo simasankha woonera. Aonera mayi wamasiye amene alibe kalikonse, aonera mwana wa sukulu, aonera munthu amene wangolowa kumene Chisilamu. Onsewo ndimeyo sikuwanena iwo koma ndi amene achite nayo mantha kwambiri, pomwe wachuma wouma mtima uja angodutsa. Pa khutuba, ulaliki wa mu mzikiti, pali nthawi yofotokoza kuti ndimeyi ikunena ndani, pa kavidiyo palibe.

Rashidi: Ndamva Ustazi koma sindinakhutire kwenikweni. Tikazolowera kuchotsa chilichonse chowawa tidzatsala ndi chipembedzo cha zotsekemera zokhazokha. Olo chiganizo chimodzi chokha choti kusiya dala ndi tchimo lalikulu.

Amina: Chiganizo chimodzi choterocho ndikhoza kuchiganizira achimwene, bola chibwere pambuyo poti tanena kale amene sizikumukhudza. Koma tiyeni tipite ku chitsanzo chifukwa ndi pomwe pakundivuta. Mayi a Hawa, mungalole kuti ndigwiritse ntchito munthu wopeka wa bizinesi ngati yanuyo? Osati manambala anu enieni, ndipo chonde musawalembe muno.

Mayi a Hawa: Kkkk sindikanalemba n'komwe mwana wanga. Pekani, ine ndizitsatira ndi kalikuleta yanga kuno.

Ustazi Juma: Tiyeni tipeke limodzi. Manambala akhale osavuta ndipo tisatchule ndalama ya dziko lililonse kuti vidiyo igwire ntchito paliponse. Mayi wogulitsa nsalu, tsiku lake lowerengera lafika. M'nyumba ali ndi 120,000. Ku banki ndi pa foni ali ndi 200,000. Nsalu zomwe zili pa shelefu zodikira kugulitsidwa, akaziwerengera pa mtengo womwe zingagulidwe lero, zikukwana 180,000. Pali kasitomala wodalirika amene anatenga katundu pa ngongole ya 40,000 ndipo palibe kukayika kuti abweza. Zonse pamodzi 540,000. Koma iyenso ali ndi ngongole ya 60,000 kwa amene amamuodetsa katundu, yoyenera kubwezedwa mwezi uno. Tikachotsa zitsala 480,000. Tiyerekeze kuti nisabu tsiku limenelo ndi 300,000, ndiye kuti wadutsa. Tigawa 480,000 ndi 40, yankho ndi 12,000. Imeneyo ndiye zakaati yake ya chaka chonse, atsala ndi 468,000.

Rashidi: Ustazi apo simunalakwitse? Ine ndimadziwa kuti nisabu ndi gawo losakhudzidwa, ndiye muchotse kaye 300,000 pa 480,000, zitsala 180,000, mugawe ndi 40, zikhala 4,500.

Ustazi Juma: Ayi achimwene, mwasokoneza ndi msonkho wa boma pomwe gawo loyamba la malipiro silidulidwa. Nisabu ndi khomo chabe. Ukakhala kunja kwake sulipira kalikonse, ukalowa umawerengera chuma chonsecho kuyambira pansi. Ndiye ndi 12,000 osati 4,500. Amina, kulakwitsa uku n'kofala kwambiri, kuyenera kupeza malo muvidiyomo ngakhale ndi mawu ochepa.

Mayi a Hawa: Nanga makina osokera, mashelefu ndi tebulo lodulirapo nsalu? Ine ndimaopa kuti zonsezo ziwerengedwa, komanso nyumba yomwe ndikukhalamo. Ndiponso bwanji mukuti mtengo wa lero, osati womwe ndinaodera? Ndimaona ngati phindu lokha ndi lomwe limadulidwa.

Ustazi Juma: Zida zogwirira ntchito siziwerengedwa mayi, makina, mashelefu, sikelo, galimoto yonyamulira katundu, zonsezo ayi. Nyumba yokhalamo, zovala, ziwiya, ayinso. Chowerengedwa ndi chomwe munagula ndi cholinga choti mugulitse. Mukanakhala kuti bizinesi yanu ndi yogulitsa makina osokera, apo makinawo akanakhala katundu wamalonda. Za phindu lokha ayi, ndi mpamba ndi phindu pamodzi, chilichonse chomwe chili m'manja tsiku lowerengeralo. Mtengo wa lero chifukwa tikufuna kudziwa kuti chuma chanu ndi chochuluka bwanji lero, ndipo nthawi zina izi zimakupepukitsirani, nsalu yomwe yasuluka kapena yatha fasho imatsika mtengo ndiye muiwerengera motsika momwemo.

Mayi a Hawa: Eee apa nde ndapuma. Makina aja ndimangowayang'ana ndi diso la nkhawa chaka chonse kkkk. Amina zimenezi uziike, zoti nyumba ndi zida sizilowa, anthu ambiri amathawa nkhaniyi poganiza kuti auzidwa kuti agulitse katundu wa m'nyumba.

Limbani: Chitsanzocho ndi chabwino pa pepala koma pa vidiyo chili ndi manambala ambiri. Ndawerenga, ndi oposa khumi. Munthu woonera pa foni, mwinanso mawu atatseka, sangasunge onsewo. Ine ndingatere, phatikizani ndalama za m'nyumba, ku banki ndi pa foni zikhale nambala imodzi, 320,000. Katundu 220,000, kasitomala wa ngongole uja mumusiye kaye, apite mu vidiyo ina. Zikwanabe 540,000. Kuchotsa 60,000, kutsala 480,000, kugawa ndi 40, 12,000. Nambala iliyonse ituluke payokha pa mzere wake ndipo ikhalebe pomwepo mpaka masamu atathe, osati ina ikubwera ina ikusowa. Zilembo zikuluzikulu, pakati pa sikirini, chifukwa m'munsi ndi m'mbali mumaphimbidwa ndi mabatani a pulogalamu. Ndipo wolankhula akatchula nambala apume kaye pang'ono, anthu amafulumira pamenepa poopa kuti nthawi itha.

Amina: Nanga nisabu yeniyeniyo ndiilembe kuti ndi ndalama zingati? Chifukwa funso loyamba la aliyense likhala limenelo.

Ustazi Juma: Usailembe ngati ndalama, vidiyo idzazungulira zaka pomwe mtengo wa golide umasintha tsiku ndi tsiku. Unene kuti nisabu ndi mtengo wa magalamu 85 a golide kapena magalamu 595 a siliva, ndipo munthu afufuze mtengo wa galamu pa tsiku lake n'kuchulukitsa. Mabuku ena amalemba 87.48 ndi 612.36, kusiyanako kumachokera pa kasinthidwe ka miyeso yakale kupita ku magalamu, usadabwe wina akakutsutsa nazo. Pa chitsanzopo ulembe mawu akuti "tiyerekeze" pafupi ndi 300,000 ndipo akhale pomwepo nthawi yonse, apo ayi wina adzajambula sikirini n'kumafalitsa kuti nisabu ndi imeneyo.

Yusufu: Ndangolowa kumene, ndawerenga zonse. Apa pa golide ndi siliva ndi pomwe pagona nkhani ndipo mukungodutsapo. Masiku ano siliva ndi wotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi golide, moti nisabu ya siliva imakhala yochepa kangapo konse kuposa ya golide. Munthu yemweyo, ndalama zomwezo, pa siliva akuyenera kupereka, pa golide sakuyenera. Ndiye vidiyo ikangoti "golide kapena siliva" mwamusiya m'malere. Ndipo dziwani kuti kusankha siliva kumalowetsa anthu ambiri osapeza bwino m'gulu la opereka, kumeneko nakonso ndi kukakamiza kwina kobisika ngati simunena kuti pali maganizo awiri.

Ustazi Juma: Zoona a Yusufu. Ma ulama, akuluakulu ophunzira za chipembedzo, amene amasankha siliva amati zimapindulira osauka chifukwa opereka amachuluka, ndipo ndi kusamala kuti usatsale ndi ngongole. Amene amasankha golide amati nthawi ya Mtumiki, mtendere ukhale pa iye, miyeso iwiriyi inali yoyandikana mphamvu, ndipo lero golide ndi amene wasunga tanthauzo la munthu wopeza bwino. Onsewo ndi anthu ophunzira. Ine ndili ndi mbali yanga koma kavidiyo ka onse si malo oti Amina agamule mlandu umene akuluakulu sanaugamule.

Yusufu: Ndiye anene chani? Chifukwa "funsani shehe" pa chilichonse nayonso imatopetsa, munthu amaonera vidiyo chifukwa shehe sali pafupi.

Amina: Mwina chonchi, "Ena amayeza ndi golide, ena ndi siliva. Ngati muli pansi pa zonse ziwiri, simukuyenera kupereka. Ngati muli pamwamba pa zonse ziwiri, mukuyenera. Ngati muli pakati, apo ndi pofunsa." Choncho anthu ambiri apeza yankho lawo pomwepo, ofunsa atsala ochepa.

Yusufu: Iyo nde yabwino, sindinaiganizire. Koma idya masekondi ambiri.

Limbani: Pafupifupi 12 mukayankhula mosathamanga, koma ndi oyenera. Jambulani mzere woimirira wokhala ndi zizindikiro ziwiri, siliva m'munsi golide m'mwamba, zigawo zitatu zioneka zokha. Nthawi yake tiipeza pochotsa magulu asanu ndi atatu aja, musawatchule onse.

Rashidi: Aaa magulu olandira ndi a m'Kurani, Sura Tawba ndime 60, mungadule bwanji?

Limbani: Sindikuti abisidwe achimwene. Pakamwa atchule awiri kapena atatu, osauka, osowa, omira mu ngongole, ndipo pa sikirini palembedwe kuti magulu onse ndi asanu ndi atatu, onani 9:60. Wofuna akawerenga. Mukawatchula onse mufunika kufotokoza lililonse, monga la akapolo ndi la apaulendo, nde vidiyo yasanduka kalasi.

Ustazi Juma: Ndikugwirizana nazo, koma pakhale kachiganizo koti zakaati siipita kwa amene uli kale ndi udindo wowasamalira, makolo ako, ana ako, mkazi wako. M'bale wako wosauka, mlongo, msuweni, amenewo akhoza kulandira ndipo ndi bwino kuyambira kwa iwo. Izi zimathandizanso pa nkhani ya kukakamiza ija, chifukwa munthu amadziwa kuti akhoza kupereka yekha mwakachetechete kwa amene akumudziwa, sikuti mpaka idutse ku bungwe.

Amina: Apo nde mwakhudza chilonda Ustazi. A komiti akufuna kumapeto kukhale nambala yawo yotumizira ndi mawu oti "perekani lero". Ine ndawauza kuti ikangokhala nambala, vidiyo yonse isanduka yotsatsa, ndipo munthu ayamba kukayikira ngakhale masamu omwe tamuphunzitsawo kuti mwina tawakokera mbali yathu.

Mayi a Hawa: Koma nawonso a komiti ali ndi mfundo mwana wanga, amathandiza anthu ndithu, ndipo wina akamaliza kuwerengera amafunadi kudziwa kuti apititse kuti. Osangowamana.

Limbani: Njira yomwe ndimaona ikugwira ndi kulekanitsa. Vidiyo yophunzitsa ikhale yophunzitsa, chizindikiro cha komiti chioneke pakona kuti anthu adziwe wakonza ndani, basi. Yopempha ikhale ina payokha ndipo inene poyera kuti tikupempha. Vuto limabwera pomwe pempho lavala malaya a phunziro. Ndipo kukakamiza sikukhala m'mawu okha, ine monga mkonzi ndikhoza kutenga mawu ofatsa kwambiri n'kuwasandutsa oopsa osasintha liwu ndi limodzi lomwe. Kuika kaphokoso kachisoni pansi, kuchedwetsa chithunzi cha nkhope ya mwana, kuchotsa mitundu kuti zikhale zotuwa, kuika wotchi yowerenga masiku otsala, wolankhula kuloza chala mu kamera. Zonsezo zipeweni. Kuwala kwabwino, tebulo, manja, ndalama zachitsulo ndi manambala, mawu a munthu amene akuyankhula ngati akufotokozera mnzake.

Thoko: Ndipo zija za "tumizani kwa anthu khumi ngati mumaopa Mulungu" chonde ayi, zimanditopetsa kuchokera mbali zonse, kwathu kutchalitchi zilikonso. Ife timawerenga pa Mateyu 6 kuti dzanja lamanzere lisadziwe chomwe lamanja likuchita koma mavidiyo athu ena ndi ojambula olandira atafola pamzere.

Ustazi Juma: Ifenso tili nazo achemwali. Sura Baqara ndime 264 imachenjeza za kuononga chopereka pochikumba ndi popweteka wolandira, ndipo ndime 271 imati kupereka poyera n'kwabwino koma kubisa n'kwabwino koposa. Ndiye nkhope za olandira zisaoneke muvidiyomo. Olo atavomera, munthu wosowa savomera momasuka pamaso pa amene wamubweretsera thandizo. Ndipo zakaati ndi gawo lake lomwe Allah anamuikira m'chuma cha wopezayo, si chifundo choti aziombera m'manja pa kamera.

Yusufu: Chinanso ndi kalankhulidwe. "Iwe uli ndi ndalama ku banki, wapereka?" ndi kosiyana ndi "mayi uyu ali ndi ndalama zakuti". Ukamanena za munthu wachitatu woonera amadziyika yekha pamalopo mwakufuna kwake. Nchifukwa chake ndingakonde pakhale munthu wachiwiri, bambo wa pa ntchito amene salale yake ndi yabwino koma wasunga 150,000 yokha, pansi pa nisabu yoyerekeza ija, zakaati yake ndi 0. Ziro ameneyo aoneke wamkulu pa sikirini chimodzimodzi ndi 12,000 uja, ndipo wolankhula asaonjezere kuti "komabe akhoza kupereka sadaka", chifukwa akatero wabweza mtolo womwe anangomutula kumene.

Rashidi: Koma sadaka ndi yabwino, kuikumbutsa kwalakwika pati?

Yusufu: Sikulakwa, koma ikhale vidiyo yake. Apa funso linali loti kodi ndikuyenera, yankho lake ndi ayi, lithere pomwepo.

Mayi a Hawa: Ine funso langa lina, ndimadziwa kuti zakaati imaperekedwa mu Ramadhani. Ndiye vidiyoyi inene kuti anthu awerengere mwezi umenewo eti?

Ustazi Juma: Ambiri amatero pofuna madalitso a mweziwo komanso ndi tsiku losavuta kukumbukira, koma lamulo silinamange zakaati ya chuma ku Ramadhani. Chaka chanu chimayamba tsiku lomwe chuma chanu chinafika pa nisabu. Yomangidwa ku Ramadhani ndi ya fitiri, ija ya muyeso wa chakudya pa munthu aliyense wa pabanja isanachitike swala ya Idi, ndipo ndi nkhani ina. Apa Amina asamale, mavidiyo ambiri amagwiritsa ntchito masiku khumi omaliza ngati chikwapu chothamangitsira anthu, pomwe wina chaka chake chikwana miyezi inayi kutsogolo. Anene kuti "sankhani tsiku lanu pa kalendala ya mwezi ndipo muzilisunga chaka ndi chaka". Wogwiritsa ntchito kalendala ya Januwale mpaka Disembala adziwe kuti chaka chimenecho ndi chotalikirapo ndi masiku pafupifupi 11, nchifukwa chake ena amawerengera 2.577 peresenti, koma zimenezo zisalowe muno.

Yusufu: Ustazi, ngongole ya 60,000 ija mwachotsa ngati kuti onse amagwirizana. Otsatira chiphunzitso cha a Shafi'i sachotsa ngongole, otsatira cha a Hanafi amachotsa. Chimodzimodzi ndolo ndi zibangili zagolide zomwe mayi amavala, a Hanafi amati ziwerengedwe, enawo amati ayi. Ndiye chitsanzo chathu chatenga kale mbali mosanena.

Ustazi Juma: Mwandigwira pabwino. Zodzikongoletsera tingozisiya, zisatchulidwe n'komwe mu vidiyo iyi. Za ngongole pali njira ziwiri, kuisiya mu chitsanzo ndi kamzere koti ma ulama amasiyana, kapena kuichotseratu kuti mayiyo akhale wopanda ngongole, ndalama 320,000 ndi katundu 160,000, zikwana 480,000 yomweyo ndipo yankho likhalabe 12,000. Ine ndikanakonda yachiwiriyi, palibe amene angaitsutse.

Mayi a Hawa: Koma wabizinesi wopanda ngongole munamuona kuti Ustazi kkkk. Ine ndikaonera ndifunsa pompo kuti nanga ngongole yanga.

Limbani: Pa nkhani ya nthawi, njira yachiwiriyo ndi yabwino, manambala atsala anayi okha. Funso la mayiwa liyankhidwe ndi mzere womaliza, "za ngongole, zodzikongoletsera, ziweto ndi mbewu zili mu mavidiyo otsatira". Amina, mukajambula muyese kaye pa anthu awiri atatu amene sadziwa nkhaniyi, osawafunsa ngati yawasangalatsa chifukwa adzangoti eya. Apatseni manambala ena, monga munthu wosunga 800,000, muone ngati apeza 20,000 okha. Kenako afunseni kuti vidiyoyi ikufuna muchite chani. Akati "ndiwerengere zanga" zili bwino, akati "nditumize ndalama" ndiye kuti penapake pakukankhabe, mufufuze ngati ndi mawu, chithunzi kapena kamvekedwe.

Amina: Ndatenga. Dongosolo likhala funso ndi yankho loti si aliyense, nisabu ndi chaka pamodzi ndi mzere wa golide ndi siliva, zomwe siziwerengedwa, mayi wa nsalu ndi ndalama 40 zija, bambo wa ziro, olandira mwachidule. Ndiwerenga ndi wotchi madzulo ano, ikapitirira ndiyamba kudula pa olandira. Chiganizo cha a Rashidi ndichiika pambuyo pa bambo wa ziro ndimve mmene chikumvekera, sindikulonjeza. Za nambala ya komiti ndikumana nawo Loweruka, Mayi a Hawa mundiperekeze chifukwa inu amakumverani.

Mayi a Hawa: Ndibwera, koma dziwiratu kuti pa nambalayo ine ndili mbali yawo pang'ono. Olo ikhale m'mawu olembedwa pansi pa vidiyo osati mkati.

Rashidi: Ndipo munditumizire ndisanaione pa sitetasi za anthu, ndikufuna ndimve ngati mawu oti lamulo akumveka bwinobwino.